Tsiku Limene Seva Inandivula Ulemu

Ndinkanyadira seva ya sitolo yathu kuposa mwana wanga woyamba. Inatha masiku 412 osazima, ndipo aliyense wondipatsa moni ndinkamuonetsa nambalayo. Sevayo si bokosi loti mungaligwire ayi. Ndi kachipinda ka lendi m'kati mwa kompyuta yaikulu ya kampani ina kunja, momwe mulinso alendi anzathu ambirimbiri.

Lachiwiri lina abwana anaimba tambala asanatsike mu mtengo: "Achimwene, maoda sakulowa!" Nditalemba `uptime`, inandiyankha kuti yakhala ikuyaka maola asanu okha. Masiku anga 412 apita ngati ndalama ya chipereganyu.

Mlandu ndinaupereka msangamsanga kwa mnyamata wophunzira ntchito, amene ndinali nditangomupatsa pasiwedi. Ndinamukalipira mpaka tiyi wake anazizira. Iye mwaulemu anangoti, "Bwana, tiyeni tione kaye." Analemba izi:

```
last -x reboot shutdown
journalctl -b -1 -n 20
```

Munthu akazimitsa seva mwadala, pamatsala mzere wa `shutdown`, ndipo mapulogalamu amaoneka akutsanzika mmodzimmodzi ngati alendo a pa ukwati. Apa munalibe zimenezo. Zolemba zinangodukira panjira pa 01:14, kenaka `reboot` patapita mphindi zochepa. Zinkaoneka kuti nyumba yonse ya landilodi inagwa, ndipo kampaniyo inatidzutsira pa kompyuta ina.

Sindinagonje. Ndinatsegula tsamba limene kampaniyo imalembapo zochitika pa makina ake, ndikusankha za Lachiwiri: mbee! Ndinayamba kulemba kalata yaukali, yokhala ndi "ife makasitomala okhulupirika" kawiri. Mnyamata uja anakhosomola pang'ono. "Bwana, iwowa amalemba nthawi ya `UTC`. Ife tili patsogolo ndi maola awiri." Zoonadi, wotchi ya sevayo ndinaiika ndekha pa `Africa/Blantyre`. Tsono 01:14 yathu inali 23:14 ya Lolemba kwa iwo. Titabwerera tsiku limodzi, uthenga wa `host error`, wonena kuti kompyuta yaikulu ija inafa, unali pompo, ukundiyang'ana.

Ndinafunsa chifukwa chimene a kampaniyo sanatichenjezere. Zokonza zimene anazikonzeratu amalengeza nthawi isanakwane, ndipo kawirikawiri amasamutsa seva ili chiyakire, inu osamva kanthu. Koma makina akangofa okha, palibe kalata, monga maliro sapangana tsiku.

Chinatsala ndi funso la abwana: ngati seva inadzuka m'mphindi zochepa, maoda anaimiranji maola asanu? Apa ndinayamba kuyang'ana kudenga. Pulogalamu ya maodayo ndinaiyatsa pamanja chaka chatha, ndikuti `systemctl enable`, lamulo loti iziyaka yokha seva ikadzuka, ndidzalemba mawa. Seva inadzuka bwinobwino, pulogalamu n'kutsala m'tulo.

Kalata ija ndinaifufuta mwakachetechete. Masana ndinamugulira mnyamatayo tchipisi ndi nkhuku, iye n'kufunsa ngati angaonjezere dzira.