Ndalama za pangozi: miyezi itatu ikukwanira ndani?

Sabata ino pa maphunziro athu a kasamalidwe ka ndalama tinali pa mutu wa ndalama zosungira zadzidzidzi. Mabuku ambiri amati munthu asunge zokwanira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Chomwe ndatolapo n'chakuti nambalayi si yongoloweza, aliyense amaipeza poyankha funso limodzi: ndalama zitasiya kulowa lero, pangapite nthawi yaitali bwanji kuti ziyambirenso?

Koma choyamba, mwezi umodzi ndi ndalama zingati? Sitiwerengera malipiro ayi, timawerengera zomwe banja silingakhale popanda. Ndinayesera ndi banja longopeka la ku Area 25 ku Lilongwe. Lendi K120,000, chakudya K200,000, magetsi, madzi ndi makala K50,000, minibasi K60,000, mankhwala ndi mayunitsi K20,000, zotumiza kwa makolo kumudzi K50,000. Zonse pamodzi K500,000. Ena m'kalasi amati za makolo zichotsedwe poti si zokakamiza. Ine ndinazisiya momwemo, chifukwa ntchito ikatha amayi kumudzi sasiya kudya. Zomwe ndinachotsa ndi zovala, mowa ndi kusupa pa zikwati.

Miyezi itatu ya banja limeneli ndi K1,500,000. Ngati likupatula K60,000 pamwezi, lifikapo patatha miyezi 25, ndipo ambiri amagwa ulesi akangomva zimenezi. N'chifukwa chake amati tizikwera pang'onopang'ono. Poyamba cholinga chikhale K100,000 chabe, yoti mwana akadwala usiku mupeze galimoto ndi mankhwala osapita kwa akatapila. Imeneyi imatheka m'miyezi iwiri. Kenako mulinge mwezi umodzi wathunthu, ndipo ukakwana ndiye muyambe kuganiza za itatu. Ndalamayo ipatulidwe tsiku lomwe malipiro alowa, chifukwa zotsala pakutha pa mwezi sizioneka. Amene ali ndi ngongole ya katapila aime kaye pa K100,000 ija n'kuyamba wabweza, poti chiwongoladzanja cha kumeneko chimathamanga kuposa phindu lililonse la ku banki.

Tsono miyezi ingati? Mphunzitsi wa boma amene mkazi wake nayenso amalandira pamwezi, itatu ingamukwanire, chifukwa n'zosowa kuti onse awiri ntchito iwathere pamodzi. Wogwira ntchito ya kontirakiti ku bungwe lodalira thandizo lakunja, ali yekha wopezera banja, asamalire isanu ndi umodzi: pulojekiti ikatha, kufunsira ntchito ina mpaka kulandira malipiro oyamba kumatenga miyezi. Wa geni naye ayandikire pomwepo, ndipo asaphatikize ndalamayi ndi mpamba. Mlimi wa fodya ndiye kuwerengera kwake n'kwina, poti amalandira kamodzi pachaka misika ikatsegulidwa cha mu Epulo. Ndalama zomufikitsa ku Febuluwale wa njala ndi bajeti chabe, za pangozi zimabwera pamwamba pa zimenezo.

Apa mpomwe ambiri timasokoneza. Fizi ya mwana si ngozi, timadziwa kuti teremu ikubwera. Feteleza wa mu Novembala si ngozi. Ngozi ndi chinthu chomwe simunachiyembekeze, chosadikira, komanso chosapeweka: matenda, zovuta, denga losasuka ndi mphepo, kuchotsedwa ntchito. Mukaona kuti mukutapamo mwezi uliwonse, dziwani kuti vuto lili mu bajeti, china chake simunachiwerengere.

Kosungira nako kunatitengera nthawi. Banki m'khonde ndi yabwino pochulukitsa ndalama, koma masheya amagawana pakutha pa chaka, ndipo mukafuna msanga mumachita kukongola ndi chiwongoladzanja, mwina n'kupeza kuti zonse zili m'manja mwa anzanu. Chipereganyu chimadikira tsiku lanu, pomwe matenda sadikira. Ine ndaona kuti n'kwanzeru kugawa: K100,000 yoyamba ikhale pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala yomwe simugulira zinthu tsiku ndi tsiku, zotsalazo ku akaunti yosungira ya ku banki kapena ku SACCO, mutafunsiratu kuti kutapa kumatenga masiku angati.

Chomwe mabuku olembedwa kunja sachitchula kwenikweni ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mitengo n'kukwera motsatira. Tiyerekeze kuti zinthu zakwera ndi 30 peresenti pachaka. Mwezi wa K500,000 uja wasanduka K650,000, ndipo K1,500,000 yomwe inali miyezi itatu tsopano ikungopitirira pang'ono miyezi iwiri, chonsecho simunatapemo ngakhale tambala. Choncho cholinga chilembedwe m'miyezi, osati m'makwacha, ndipo lendi kapena ufa ukakwera muwerengerenso. Pa chifukwa chomwechi sindikuona nzeru yosunga zoposa miyezi isanu ndi umodzi pa akaunti wamba. Zopitirira apo bola zipite kolipiriratu lendi kapena kogula chimanga nthawi yokolola chikadatchipa.