Sabata yomwe tinasiya lamulo la 3 peresenti

Ntchito yanga pa kampani yathu yogula ndi kugulitsa masheya ndi kuonetsetsa kuti malonda amodzi asatiphere akaunti. Kwa zaka takhala ndi lamulo limodzi pa sitopu, oda ija imene imagulitsa yokha masheya mtengo ukatsika kufika pomwe tinaika malire: tikagula, sitopu izikhala 3 peresenti pansi pa mtengo wogulira. Lamuloli silivuta kulikumbukira, n'chifukwa chake linakhalitsa. Sabata yathayi tinayamba kuyeza mtunda wa sitopu ndi ATR, nambala yoonetsa kukula kwa kayendedwe ka mtengo, ndipo ine ndi amene ndinapatsidwa kuti ndiziyang'anira.

Lolemba tinagula masheya a makampani awiri, onse pa mtengo wa 50. Ina ndi kampani yamagetsi, yofatsa, mtengo wake umangoyenda pang'onopang'ono. Ina ndi kampani yaing'ono yamigodi yomwe mtengo wake sukhazikika. ATR imatiuza kuti mtengo umayenda mtunda wotani pa tsiku wamba, osalabadira kuti ukukwera kapena ukutsika. Pa tchati cha tsiku ndi tsiku, ATR ya masiku 14 ya kampani yamagetsi inali 0.60, pomwe ya migodi inali 2.50.

Lamulo lakale likanaika sitopu pa 48.50 kwa onse awiri, mtunda wa 1.50. Kwa yamagetsi, umenewo ndi ulendo wa masiku awiri ndi theka otsika osapuma, ndiye sitopu ikagunda pali chimene chasinthadi. Koma kwa yamigodi, 1.50 safika n'komwe pa kayendedwe ka tsiku limodzi. Sitopu yotero imagunda popanda nkhani iliyonse, kungoti msika wapuma mpweya. Tinagwirizana zochulukitsa ATR kawiri. Sitopu ya magetsi inakhala pa 48.80, ya migodi pa 45.

Mkulu wina amene wakhala pa ntchitoyi kuposa tonsefe atamva 45 anagwedeza mutu. "Achimwene, ndiye kuti mukulola kuluza 10 peresenti pa kampani imodzi?" Ndinawayankha kuti ayi, bambo, chifukwa sitopu ikatalika, masheya ogula amachepa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo amene amatenga ATR n'kusiya mbali iyi amangodziwonjezera mavuto. Akaunti yomwe tinkagwiritsa ntchito ili ndi 100,000, ndipo pa malonda amodzi sitilola kuluza kuposa 1 peresenti, kutanthauza 1,000. Tikagawa 1,000 ndi mtunda wa 5, tikupeza masheya 200 a migodi. Sitopu ikagunda, taluza 1,000 yomweyo.

Masamu omwewo anatipatsa masheya 833 a kampani yamagetsi, omwe akanadya ndalama zoposa 41,000, kupitirira magawo anayi mwa khumi a akaunti yonse. Zimenezo ndinakana. Kampani yofatsa nayo tsiku lina imadzuka ndi nkhani yoipa, ndipo ATR yaing'ono imangonena za masiku apitawa. Tili ndi malire ena akuti kampani imodzi isatenge ndalama zoposa 20 peresenti ya akaunti, choncho tinagula 400 basi.

Lachiwiri mtengo wa migodi unatsika mpaka 48.20 m'mawa, kenako unabwerera n'kutseka pa 50. Lamulo lakale likanatitulutsa tsiku lomwelo.

Lachitatu unatsegula pa 53, unakwera kufika 54, ndipo sunatsike kupitirira 52.50. Mnyamata amene wangoyamba kumene anawerengera kuti tsikulo mtengo wayenda 1.50 yokha, ndipo anadabwa kuona ATR itakwera. Ndinakhala naye pansi. J. Welles Wilder, amene anatulutsa njirayi mu 1978, anaona kuti kusiyana kwa mtengo wapamwamba ndi wotsikitsitsa wa tsiku kumabisa kudumpha komwe kumachitika msika uli chitsekere. Ndiye pa tsiku lililonse timayeza zinthu zitatu, mtunda wa pakati pa mtengo wapamwamba ndi wotsikitsitsa komanso mtunda wa uliwonse wa iwo kuchokera pa mtengo wotsekera dzulo, n'kutenga chachikulu:

```
TR  = max(high - low, |high - prev_close|, |low - prev_close|)
ATR = (prev_ATR * 13 + TR) / 14
```

Dzulo lake tinatseka pa 50, lero tafika 54, ndiye mtunda weniweni ndi 4. Tikaulowetsa m'masamuwo, ATR ikuchoka pa 2.50 kufika pafupifupi 2.61. Taonani kuti tsiku lalikulu chonchi langoisuntha pang'ono. Ubwino wake ndi umenewo, sigwedezeka ndi tsiku limodzi, koma kuipa kwake ndi komweko: msika ukalusa mwadzidzidzi, ATR imatsalira m'mbuyo masiku angapo.

Madzulo ake tinakweza sitopu. Kuchokera pa 54, pomwe mtengo unafika pamwamba, tinachotsa ATR yatsopanoyo kawiri, kutanthauza 5.22, ndipo sitopu inakhala pa 48.78. Ndinalemba pa bolodi kuti sitopu imakwera kokha. ATR ikakula, masamu amatha kukuuza kuti uitsitse, koma ukatero ndiye kuti wawonjezera ndalama zomwe ungaluze malonda ali mkati, pomwe chiwerengero cha masheya unachiwerengera pa mtunda wakale.

Lachinayi kunali zii, kupatula kuti anzathu awiri anakangana chifukwa ATR ya kampani imodzimodzi inkaoneka mosiyana pa makompyuta awo. Titafufuza tinapeza kuti wina anatsegula tchati cha ola limodzi. ATR ya maola 14 ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya masiku 14, ndipo ukaigwiritsa ntchito pa masheya omwe ukufuna kusunga milungu, wabwerera ku sitopu yothina ija. Chizindikiro chake n'chosavuta: sitopu ikamagunda tsiku lomwe wagula, kawirikawiri, yang'ana kaye tchati chomwe watengapo nambala. Mapulogalamu enanso amalola kusankha avereji wamba m'malo mwa njira ya Wilder, ndipo manambala amasiyanako pang'ono, choncho tinaonetsetsa kuti tonse taika zofanana.

Usiku wa Lachinayi kampani yamigodi inalengeza zotsatira zake za miyezi itatu, ndipo sizinali bwino. Lachisanu msika unatsegula pa 44. Panalibe wogula pa 48.78, ngakhale pa 45. Sitopu ikagunda imangosanduka oda yogulitsa pa mtengo uliwonse womwe ulipo, ndiye masheya athu 200 anapita pa 44. Tinaluza 1,200, kuposa 1,000 ija tinakonzekera.

Mkulu uja sanachedwe kundikumbutsa kuti lamulo lakale likanatitulutsa Lachiwiri, tsokali lisanafike. Ananena zoona, ndipo sindinawatsutse. Ndinangowapempha kuti tiwerengere limodzi. Ndi mtunda wa 1.50 komanso malire omwewo a 1,000, masamu akanatiuza kugula masheya 666, ndipo malire a 20 peresenti akanatisiya ndi 400. Kutuluka Lachiwiri kukanatidyera 600 yokha, inde. Koma mtengo ukanapanda kutsika m'mawa umenewo, tikanafika Lachisanu tili ndi masheya 400 m'manja, n'kuluza 2,400. Chimene chikanatipulumutsa ndi mwayi wa tsiku limodzi, ndipo ine sindingamange lamulo pa zimenezo. Sanavomere kwenikweni, anangoti tione mwezi ukatha.

Tisanaweruke tinawonjezera danga limodzi pa fomu yomwe timadzaza tisanagule: tsiku lomwe kampani idzalengeze zotsatira. Likakhala pafupi, tizigulitsa theka la masheya msika usanatseke dzulo lake, ATR ikhale yaikulu kapena yaing'ono. Masheya 400 amagetsi aja tikadali nawo, atseka sabata pa 50.40, ndipo zotsatira zawo zituluka mwezi wamawa.