Tsiku lomwe phindu linathawa usiku

Pa 1 Julayi ndinafika ku ofesi m'mawa n'kutsegula lipoti lomwe kompyuta imatitumizira yokha tsiku lililonse. Mtima unangoti myuu! Phindu lomwe dzulo lake linali 25 peresenti linali litagwera pa 20, ndipo mzere uliwonse wa katundu unali utatsika.

Ine, pokhala woyang'anira malonda, ndinadziwiratu kuti pali wakuba. Ndinathamangira kosungira katundu. "Madala, lero tiwerenga chilichonse!" Tinasanthula makatoni mpaka masana, thukuta lili kamukamu, koma palibe chinasowa. Madala aja ankangondiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Sindinagonje. Ndinalembera abwana imelo ya zilembo zikuluzikulu zokhazokha, yakuti kampani ikumira.

Abwana anandiitana pamodzi ndi mayi owerengera ndalama. Mayiwo anafunsa mofatsa: "Achimwene, memo ija munawerenga?"

Memo ndinali nayo ndithu. Kwa masabata awiri inali pansi pa mwendo wa desiki yanga, yopindidwa kanayi, ndipo kunena zoona inkagwira ntchito bwino, desiki inasiya kugwedera. Nditaitola n'kuifunyulula, mawu ake anali omveka: kuyambira pa 1 Julayi, malipoti adzagawa phindu ndi mtengo wogulitsira, osatinso mtengo woodera.

Mayi aja anatenga cholembera. Katundu taoda pa 80, tagulitsa pa 100, phindu ndi 20. Kale makina ankagawa 20 ndi 80, n'kupeza 25 peresenti. Tsopano akugawa 20 yemweyo ndi 100, n'kupeza 20 peresenti. "Taonani danga la phindu la ndalama zenizeni," anatero akuloza pakompyuta. "Lasuntha?" Linali chikhalire pa 20. Ndikanangoyang'ana pamenepo m'mawa muja, sindikanavutitsa msana wa munthu wamkulu. Chinandipusitsanso ndi girafu: manambala a Juni anasiyidwa m'kawerengedwe kakale, choncho mzere unkaoneka ngati wagwera kuphompho, chikhalirecho ukuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana.

Pofuna kudzichotsa manyazi ndinakhosomola n'kunena mwanzeru: "Bwana, n'zosavuta. Tingowonjezera 5 pa mtengo, 25 peresenti yathu ibwerera."

Mayi aja analembanso. Pa 105 phindu ndi 25, koma ukagawa 25 ndi 105 umapeza 23.8 peresenti basi, chifukwa mtengo ukakwera, nambala yogawira ija nayonso yakwera. Kuti 25 peresenti ikwane, uyenera kugawa 80 ndi 0.75, mtengo n'kukhala 106.67. Abwana anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono, mapewa akugwedezeka.

Madzulo ndinapita kukapepesa kwa madala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati: "Palibe kanthu mwanawe. Koma makatoni aja sadzibweza okha m'mashelefu." Ndinaweruka usiku.

Memo ija abwana analamula kuti ndiimate pakhoma, pomwe ndiziiona ndikakhala pansi. Desiki yayambiranso kugwedera.