Confucius anamwalira opanda udindo, koma akachisi ake anadzaza China

Confucius, mphunzitsi wa nzeru wa ku China, anamwalira mu 479 BC atatopa ndi kuyendayenda kwa mafumu, popanda ndi mmodzi yemwe womvera malangizo ake. Ufumu wa Qin, umene unkadalira malamulo okhwima ndi zilango, unafika potentha mabuku mu 213 BC, kuphatikizapo amene otsatira ake ankawalemekeza.

Zinthu zinatembenuka nthawi ya mfumu Wu ya ufumu wa Han. Mu 136 BC inaika akatswiri a boma ophunzitsa mabuku asanu akale amene otsatira Confucius ankawalemekeza, kenaka mu 124 BC inatsegula sukulu yophunzitsa ofuna ntchito za boma. Apa mpamene panagona nkhani. Wofuna udindo anayenera kudziwa mabukuwo, basi mabanja anayamba kuwaphunzitsa ana awo. Ine ndimaona kuti mfumuyo sinkafuna nzeru zokha ayi. Chiphunzitso chouza mwana kumvera bambo ake, ndi nduna kumvera mfumu, chinkaikomera kwambiri.

Zansembe zinabwera pang'onopang'ono. Mu 630 AD mfumu Taizong ya ufumu wa Tang inalamula kuti m'zigawo ndi m'maboma monse mumangidwe kachisi wa Confucius pa sukulu za boma. Akuluakulu a boma ankapereka nsembe kumeneko kawiri pachaka.