Mmene tikusamutsira makaundula a zipatala za m'midzi kupita pakompyuta

Kuno kuchigwa cha Shire mdani wamkulu wa pepala ndi madzi. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya makaundula ambiri atamatirirana masamba, inki itafalikira. N'chifukwa chake gulu lathu lodzipereka linayamba kukopera makaundula a zipatala za m'midzi, zomwe alangizi a zaumoyo amaonerako ana osakwana zaka zisanu, n'kumaika pa Google Sheets Loweruka lililonse.

Ndinayambira ku ofesi ya zaumoyo ya boma kukapempha kalata ya chilolezo, kenaka kwa oyang'anira chipatala chaching'ono chomwe alangiziwo amaperekako malipoti. Tinagwirizana zinthu ziwiri. Kaundula sachoka m'manja mwa mlangizi, ife ndiye timamutsatira. Chachiwiri, dzina la mwana ndi la mayi ake sizilowa pakompyuta. Mwana aliyense amapatsidwa nambala ya chipatala, tsamba ndi mzere, monga K2-14-07, kuti tikakayikira china tibwerere pamalo enieniwo m'bukumo.

Loweruka loyamba sitinalembe zambiri. Tinatenga mwezi umodzi wa chipatala chimodzi, n'kukhala pansi pa mtengo ndi mlangizi wake kuti atiwerengere zolemba zake. Kwa ine tsiku limeneli ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa ndi pomwe tinamanga makolamu: tsiku, mudzi, zaka za mwana m'miyezi, kutentha thupi, zotsatira za kuyeza malungo ndi mRDT, mpweya pa mphindi imodzi, kutsegula m'mimba, mankhwala operekedwa, ndi ngati anatumizidwa kuchipatala chachikulu. Pa mudzi ndi pa mankhwala tinaika mndandanda wongosankhapo, apo ayi mudzi umodzi ulembedwa mitundu itatu, kompyuta n'kuwerenga midzi itatu. Tsiku timalemba kuyambira chaka, 2024-04-03, popeza 03/04 ena amawerenga Malichi, ena Epulo.

Chomwe chimavuta kwambiri ndi malo osalembedwa. Bokosi la mRDT likakhala lopanda kanthu, sizikutanthauza kuti mwanayo analibe malungo. Mwina zoyezera zinatha sabata imeneyo, mwina mlangizi anali ndi mzere wautali wa amayi dzuwa likuswa mtengo. Choncho tili ndi mayankho anayi: POS, NEG, SANAYEZE ndi SIZIKUONEKA. Lomalizali ndi la masamba onyowa. Wolemba saloledwa kungoganizira, ngakhale ataona kuti mwana anapatsidwa LA.

Timagwira awiriawiri, wina kuwerenga mokweza, wina kulemba, n'kusinthana tsamba likatha. Mwezi ukatha kulembedwa sitipita patsogolo tisanaufananitse ndi lipoti la pamwezi lomwe mlangizi anatumiza kale, Form 1A.

Nachi chitsanzo. Pa mwezi wina lipoti linati ana 38 anapezeka ndi malungo, koma ife tinapeza 35 ndi fomula iyi, momwe kolamu A ndi nambala ya mwana, B ndi tsiku, F ndi mRDT:

```
=COUNTIFS(A:A,"K2-*",B:B,">="&DATE(2024,4,1),B:B,"<"&DATE(2024,5,1),F:F,"POS")
```

Titawerenga omwe analandira LA, anakwana 38. Tinasefa mizere yokhala ndi LA koma yopanda POS, ndipo itatu inatuluka, yonse SIZIKUONEKA, yonse pansi pa tsamba limodzi pomwe madzi anafika. Mlangizi anaunika tsambalo kudzuwa, koma chizindikiro sichinaoneke. Tinasiya momwemo, n'kulemba m'kolamu ya ndemanga chifukwa chake manambala akusiyana. Kukonza 35 kuti ikhale 38 kukanakhala kulemba zomwe sitinaone.

Zaka za mwana nazo zimatithandiza kugwira zolakwika. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 amati akupuma mofulumira akafika 50 pa mphindi, wa miyezi 12 mpaka 59 akafika 40. Tikaona mwana wolembedwa miyezi 3, mpweya 44, koma wapatsidwa mankhwala a chibayo, timabwerera kubuku, ndipo kawirikawiri timapeza kuti zinali zaka 3, zomwe ndi miyezi 36.

Za netiweki, tisananyamuke ku Nchalo kapena ku Bangula timatsegula Available offline pafoni, kuti tilembe ngakhale kulibe intaneti. Chipatala chilichonse chili ndi tsamba lakelake m'fayilo ya Google Sheets, ndipo gulu limodzi lokha ndilo limalembamo tsikulo, kuopa kufufutirana mafoni akalumikizana madzulo. Fayiloyo timagawira anthu odziwika pa imelo zawo, osati aliyense wokhala ndi linki.

Timayamba m'mamawa n'kuweruka masana asanafike, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumazimitsa laputopu ndipo maso akatopa zolakwika zimachuluka. Pandandanda wathu, midzi ya kutsidya kwa Shire, mbali ya Makhanga, ili koyambirira, kuti tithane nayo mvula isanadule misewu. Za m'mbali mwa msewu wa M1 tidzazichita mu Januwale.