Lachitatu: thanki ya pakompyuta ndi thanki yeniyeni

M'mawa wonse ndinali pa laputopu, kuyesa pulogalamu ya thanki yatsopano ya madzi ya malita 10,000 yomwe tiyike mwezi wamawa. PLC yake, kakompyuta koyendetsa pampu, ndi S7-1500 ya Siemens, koma ikadali m'katoni, choncho ndinatsegula PLCSIM, yomwe imayerekeza PLC pakompyuta, mu TIA Portal, pulogalamu ya Siemens yolembera mapulogalamu a PLC.

Nditadina batani loyatsira, pampu sinadzuke. Ndinataya mphindi khumi ndikufufuza cholakwa chomwe kunalibe. Batani lozimitsira timalilumikiza kuti nthawi zonse lizipereka 1, lipereke 0 likadinidwa kapena waya ukaduka. Mu PLCSIM mainiputi onse amayambira pa 0, ndiye pulogalamu inkaona ngati wina wagwira batanilo osalisiya. Chaka chilichonse zimenezi zimandigwira, manyazi ake.

PLCSIM simadziwa kuti kunja kuli madzi. Ukayatsa pampu palibe chimadzaza, pokhapokha ulembe wekha thanki yabodza. Yanga ndinayiika mu OB30, chigawo cha pulogalamu choyenda pa mamilisekondi 100 aliwonse:

```
IF "Pump_Run" THEN
   "Level" := "Level" + 0.1;
ELSE
   "Level" := "Level" - 0.05;
END_IF;
"LSH_ok" := "Level" < 90.0;
```

Apa m'pamene cholakwa chenicheni chinaonekera. Madzi atafika pa 90 peresenti pampu inazima bwinobwino. Atangotsika pang'ono inadzukanso, n'kuzimanso, n'kudzukanso, kangapo pa sekondi imodzi. Ndinali nditaiwala kuti ikazima iyenera kudikira mpaka swichi yapansi, ya pa 30 peresenti. Pakompyuta zinali kungophethira kobiriwira. Pa mota yeniyeni kontakitala ikanalira ngati makina osokera mpaka kupsa. Ndinakonza, kenaka ndinayesa kudula waya wa swichi iliyonse poika 0, komanso kuzimitsa ndi kuyatsanso PLC ngati magetsi athima n'kubwera, kuti ndione kuti pampu sidzuka yokha munthu ali pafupi.

Masana anandiitana ku thanki yakale, yofanana kukula ndi yatsopanoyi. Mkulu amene amayendetsa makina kumeneko anati, "Achimwene, pampu iyi kuyambira dzulo sikuzima yokha. Ndikumaizimitsa ndi dzanja ndikaona kuti madzi akwera."

Nditatsegula panelo, nyale ya MAINT inali itayaka chikasu. Imayaka pa zifukwa zingapo, koma ndinakayikira chimodzi. Mu Force table ndinapeza iniputi ya I0.3:P atayifosa, kutanthauza kuikakamiza kukhala TRUE mosatengera zimene zili pa waya. Imeneyo ndi swichi yapamwamba, ndipo TRUE amatanthauza kuti thanki sinadzaze. Mnzathu wausiku anaona choyandama cha swichiyo chitakakamira m'mwamba, pampu ikukana kudzuka, ndiye anafosa kuti ntchito isaime. Kulemba m'buku sanalembe.

Sindikumunena kwambiri, nanenso ndinachitapo. Koma anthu ambiri amaganiza kuti ukazula chingwe cha laputopu kufosa kumatha. Sikutha. Kumakhala mu PLC momwemo mpaka wina akuchotse. Nthawi yonseyo pulogalamu simva swichi yeniyeni, imangomva bodza lomwe waipatsa. Njira yachidule yodziwira ndi kuyerekeza kanyale ka pa modyulo ndi zimene pulogalamu ikuwerenga. Kanyale kamaonetsa zimene zili pa waya. Lero kanali kozima, pulogalamu ikuti TRUE.

Ndinawawerengera mkulu aja. Pampu imaponya malita 20,000 pa ola. Kuchokera pa swichi yapamwamba kufika pakamwa pa thanki pali malita 1,000. Amenewo ndi mphindi 3 basi. Akanangopita kukamwa tiyi, madzi akanasefukira, ndipo bokosi la mawaya a mota lili pansi pomwepo. Anangoti, "Aaa!" n'kugwira pakamwa.

Kuchotsa kufosa nakonso sikofunika phuma, chifukwa iniputi imalumphira nthawi yomweyo pa zimene zili pa waya, ndipo pulogalamu imachitapo kanthu osafunsa. Pano ikanangozimitsa pampu, koma ndinayamba ndatsata kaye paliponse pamene I0.3 ikugwiritsidwa ntchito, ndipo ndinapeza kuti imatsekulanso valavu yopita ku thanki yachiwiri. Tinazimitsa pampu, tinakhoma loko pa aisoleta, tinatseka valavuyo pamanja, ndiyeno ndinachotsa kufosa. Nyale yachikasu inazima. Choyandama chinali chitagwidwa ndi ndere ndi dzimbiri. Titachitsuka tinachikweza ndi kuchitsitsa ndi dzanja kasanu, kanyale kakuyankha nthawi iliyonse.

Choyandama chokakamira sindinachiyese m'mawa muja, chifukwa thanki yanga yabodza ili ndi maswichi omvera nthawi zonse. Ndabwerera pa laputopu madzulo ano ndipo ndawonjezera TON, yowerenga nthawi: pampu ikayenda mphindi 35 osazima, iime ndi kuliza alamu, popeza ngakhale thanki yopanda kanthu imadzaza m'mphindi 30. Imeneyi singaletse kusefukira konse, ingochepetsa. Mawa ndipempha abwana swichi yachiwiri yapamwamba, yodula kontakitala mwachindunji osadzera mu PLC. Ndalembanso pakapepala kuti OB30 ija ichotsedwe tisanapite nayo pulogalamu ku thanki.