Mmene ndinatsimikizira tsiku la chithunzi cha simenti yonyowa

Mmisiri amene akundimangira nyumba ku Area 49 ananditumizira chithunzi cha matumba a simenti ali m'matope, nati mvula yamabingu inawaononga masana a pa 14 Okutobala. Chithunzicho chinabwera pa WhatsApp, ndipo chithunzi chikadutsa kumeneko tsiku limene chinajambulidwa limafufutika, choncho ndinayenera kufufuza ndekha mmene kunja kunalili tsikulo.

Ndinayambira ku malipoti a zanyengo a pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, amene amatchedwa METAR ndipo amasungidwa pa intaneti. Bwaloli amalilemba `FWKI`. Mzere umene ukuyamba ndi `FWKI 141300Z` ndi wa pa 14 nthawi ya 13:00, koma nthawiyo ndi ya UTC, yomwe ndi nthawi ya padziko lonse, ndiye muwonjezere maola awiri kuti mupeze 3 koloko masana ya kuno. Mvula amailemba `RA`, yamabingu `TSRA`. Masana onse a tsikulo ndinangopeza `CAVOK`, kutanthauza kuti kunkaoneka patali, kopanda mvula kapena mitambo yamabingu.

Umboni umenewu pawokha ndi wosakwanira, chifukwa mvula yoyambirira ya ku Lilongwe imatha kukhuthuka ku Kawale pamene ku Area 25 kukutuluka fumbi, ndipo Lumbadzi ili kutali ndi puloti yanga. Ndinafuna kaundula wa geji ya mvula yapafupi, ndipo apa ndi pamene ndinatopa. Ku ofesi ina yosunga kaundulayu anandiuza kuti ndibwere ndi kalata. Nditabwera nayo anati yemwe amasaina wapita ku msonkhano, ndipo ndinakhala pabenchi mpaka nthawi yoweruka, ndikuliona buku lenilenilo lili patebulo kuseri kwa windo. "Bambo, mubwerenso mawa," basi. Ndalama ya minibasi inapita pachabe chifukwa cha mzere umodzi wa manambala.

Mukafika pamenepo, musapemphe tsiku limodzi lokha. Geji amaiwerenga m'mawa, kotero mvula ya masana a pa 14 imayezedwa pa 15, ndipo muyenera kufunsa tsiku limene iwo amailemba. Pemphani kuyambira pa 13 mpaka pa 15. Nditaliona bukulo pomaliza pake, masiku onsewo munali ziro.

Ndisanaiwale, chimene chinandikayikitsa poyamba chinali kuseri kwa matumbawo. Udzu unali wobiriwira, ndipo pa puloti yoyandikana nayo chimanga chinali cholekeza m'mawondo. Pakati pa Okutobala kuno udzu umakhala wouma kapena wotenthedwa, ndipo chimanga chotero, ngati si cha kudimba, timachiona cha kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale. Kaundula wa mvula amangonena za pamalo pamene pali geji, koma chimanga sichingakule m'tsiku limodzi.

Ndikubwerezanso, pemphani masiku oyandikana nawo, chifukwa mmisiri wanga nditamuonetsa pepalalo anayamba kunena kuti mwina kunali mawa lake. Nditamuonetsa ziro wa pa 15 ndi chimanga chija, anavomera kuti chithunzicho ndi cha dzinja lapitalo, pa ntchito ina.